Foni ikamachedwa: chepetsani mapulogalamu odziyambitsa okha ndi maanimeshoni

Kuchedwa kwa foni ya Android kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mtundu woyamba ndi kuchedwa kochita kuikidwa dala. Mukadina pulogalamu, foni siionetsa pompopompo: imayamba yaikulitsa kuchokera pa kachizindikiro kake mpaka kudzaza sikirini, kapena kuitsetsereza kuchokera m'mbali. Kayendedwe kameneka ndiye animeshoni, ndipo iliyonse imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Mtundu wachiwiri ndi kuchedwa kwenikweni, kumene foni imafuna kuchita zimene mwailamula koma ikulephera chifukwa mapulogalamu amene simukuwaona adya malo ogwirira ntchito ndi mphamvu ya pulosesa, imene ili ngati ubongo wa foni.

Kuti mudziwe umene wakugwirani, yang'anani ngati kuchedwako kumafanana nthawi zonse. Animeshoni imatenga nthawi yofanana m'mawa ndi madzulo, ndipo imayenda mosalala. Kuchedwa kwenikweni sikupanganika. Lero kiyibodi yatuluka msanga, mawa yadikiritsa masekondi atatu. Mwachoka pa tsamba la pa intaneti kukayankha uthenga, pobwerera mwapeza tsambalo likuyambiranso. Mwadina batani lobwerera ku tsamba loyamba la foni, tizizindikiro tonse ta mapulogalamu tasowa kaye kenako n'kuyamba kubwera chimodzichimodzi. Zinthu zitatuzi zikusonyeza kuti malo ogwirira ntchito aja, otchedwa RAM, aperewera. Yambani ndi mtundu wachiwiriwu, chifukwa ndi umene umavutitsa kwambiri, ndiponso mukayamba ndi maanimeshoni mumangobisa vuto.

Chimene chimachitika foni ikangoyaka

RAM ndi malo amene foni imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Ndi yosiyana ndi malo osungiramo zithunzi ndi mafayilo. Foni yolembedwa kuti 3 GB ndi 32 GB ili ndi RAM ya 3 GB ndi malo osungira a 32 GB, ndipo kufufuta zithunzi sikuwonjezera RAM ngakhale pang'ono. Pa 3 GB imeneyo, Android yeniyeniyo imatenga gawo lalikulu, kawirikawiri kupitirira 1 GB, musanatsegule chilichonse.

Foni ikamaliza kuyaka, Android imatumiza chidziwitso chotchedwa `BOOT_COMPLETED` kwa mapulogalamu onse amene anapempha kuti azichilandira. Iliyonse ikachilandira imadzuka, kulowa mu RAM, n'kuyamba zake: ina kufunsa pa intaneti ngati kuli zatsopano, ina kutumiza zithunzi, ina kukoka zotsatsa malonda. N'chifukwa chake mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba foni imakhala yolemera kwambiri. Chimenecho pachokha si matenda. Vuto limabwera pamene ena mwa mapulogalamuwo sagonanso. RAM ikadzaza, Android imatseka mapulogalamu amene ali kumbuyo kuti ipeze malo, koma amene ali ndi ufulu wodziyambitsa amadzukanso, ndiye imatseka ena, iwonso n'kudzukanso. Kutsekana ndi kudzukana kumeneku kumadya pulosesa ndi batire, ndipo ndi kumene mumamva ngati kukakamira pansi pa chala.

Tsegulani pa malo oonera zobisika

Musanaletse chilichonse, onani kaye amene akudya RAM. Chida chake chili mu `Developer options`, malo amene amakhala obisika mpaka mutawatsegula, ndipo ndi momwemonso mudzapeze maanimeshoni.

Lowani mu `Settings`, kenako `About phone`, n'kupeza mzere wolembedwa `Build number`. Udineni kasanu ndi kawiri motsatizana. Foni iyamba kuwerenga kuti kwatsala kangati, ikufunsani nambala yanu yachinsinsi yotsegulira, kenako inena kuti zatheka. Pa Samsung mzerewu uli mkati mwa `Software information`. Pa Xiaomi, Redmi ndi Poco mumadina `MIUI version` kapena `OS version` m'malo mwake. Mukabwerera, `Developer options` imapezeka pansi pa `System`, kapena kumapeto kwenikweni kwa `Settings` pa Samsung, kapena mu `Additional settings` pa Xiaomi. Ikakusowani, lembani dzina lake m'bokosi lofufuzira limene lili pamwamba pa `Settings`.

M'menemu muli zinthu zambiri, ndipo zina zikhoza kusokoneza foni. Gwirani zokhazo zimene tatchula pano.

Zimitsani foni n'kuiyatsanso. Musatsegule pulogalamu iliyonse, dikirani mphindi zisanu, kenako lowani mu `Developer options` n'kudina `Running services`. Pamwamba pali mzere wogawa RAM patatu: `System`, `Apps` ndi `Free`. Pansi pake pali mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ndi kuchuluka kwa RAM imene iliyonse yatenga. Popeza simunatsegule kanthu, pulogalamu iliyonse yoika nokha imene ili pamndandandawo yadziyambitsa yokha. Lembani mayina awo papepala, limodzi ndi nambala ya `Free`, kuti mudzayerekeze pambuyo pake. Mafoni ena alinso ndi mzere wa `Memory` umene umaonetsa mmene pulogalamu iliyonse yagwiritsira ntchito RAM m'maola 3, 6, 12 kapena tsiku lathunthu. Umenewu umagwira bwino mapulogalamu odzuka n'kugonanso mobwerezabwereza, amene mukhoza kuwaphonya mukangoyang'ana kamodzi.

Musadine `Stop` pamndandandawu. Pulogalamu yoimitsidwa motere imadzukanso m'masekondi ochepa, ndipo mukaimitsa zinthu za Android yeniyeniyo, monga `Google Play services`, foni imayamba kutulutsa mauthenga a zolakwika.

Kusankha woletsa ndi wosiya

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amaletsa zonse, mawa lake alamu osalira. Android imafufuta maalamu onse oikidwa ndi mapulogalamu foni ikazima, choncho pulogalamu ya alamu kapena yokumbutsa kumwa mankhwala imafunika kudzuka foni ikayaka kuti iwaikenso. Mukailanda ufuluwo, ikhala chete mpaka mutaitsegula ndi dzanja. Chimodzimodzinso mapulogalamu a mauthenga ndi oimbirana pa intaneti, ya imelo imene mumaidalira, ya kalendala, yolumikiza foni ndi wotchi ya pamkono, ndi yofufuzira foni ikatayika. Amenewa asiyeni.

Funso lothandiza ndi ili: kodi pulogalamuyi ili ndi chondiuza pamene sindinaitsegule, ndipo ndingadandaule itachedwa kundiuza? Masewera, mapulogalamu ogulira katundu, okonzera zithunzi, osamutsira mafayilo, oonera mavidiyo, a nkhani, ndi asakatuli owonjezera a intaneti, onsewa amagwira bwinobwino mukawatsegula nokha. Alibe chifukwa chokhalira maso.

Pa mapulogalamu amene mwawaika m'gulu loletsa, yambani ndi njira yamphamvu kwambiri. Imene simunaitsegule kwa miyezi iwiri kapena itatu ichotseni ndi `Uninstall`. Imene inabwera ndi foni ndipo ikukana kuchoka, lowani mu `Settings`, `Apps`, dinani dzina lake, kenako `Disable`. Ikatere siyambanso, siionekanso pamndandanda, ndipo mukaifuna mumangodina `Enable` pamalo omwewo. Letsani zokhazo zimene mukudziwa ntchito yake. Dzina likakhala ndi mawu ngati `System`, `Services` kapena `Provider`, lisiyeni.

Otsalawo, amene mumawagwiritsa ntchito koma simukufuna kuti azidzuka okha, njira yake imadalira kampani imene inapanga foni. Android yopanda zowonjezera ilibe mndandanda wa mapulogalamu oyamba foni ikayaka ngati wa pa kompyuta, ndiye kampani iliyonse inapanga wakewake.

Pa Xiaomi, Redmi ndi Poco pitani ku `Settings`, `Apps`, `Permissions`, `Autostart` (pa mafoni atsopano ndi `Background autostart`), n'kuzimitsa pulogalamu iliyonse payokha. Pa Huawei muli `App launch` pansi pa `Battery`: mukazimitsa `Manage automatically` pa pulogalamu, mumaona zosankha zitatu, `Auto-launch`, `Secondary launch` ndi `Run in background`. Chachiwiricho musachiiwale, chifukwa ndi chimene chimalola pulogalamu ina kudzutsa inzake, makamaka ikakhala ya kampani imodzi. Pa Oppo ndi Realme fufuzani `Auto launch`, ndipo pa Tecno ndi Infinix fufuzani `Auto-start management`, imene imapezekanso mu `Phone Master`.

Samsung imagwiritsa ntchito mawu a kugona. Mu `Battery` muli `Background usage limits`, ndipo m'menemo muli `Sleeping apps` ndi `Deep sleeping apps`. Ya pamndandanda woyamba imadzukabe mwa apo ndi apo. Ya pamndandanda wachiwiri sigwira ntchito kumbuyo ngakhale pang'ono mpaka mutaitsegula, ndipo mauthenga ake akhoza osafika. Masewera ndi ogulira katundu apite ku `Deep sleeping apps`. A mauthenga ndi alamu muwaike pa mndandanda wachitatu, wa osagona, wolembedwa `Never sleeping apps` kapena `Never auto sleeping apps`.

Pa mafoni ena ambiri a Android 12 kupita m'tsogolo, njira imene imagwira ndi iyi: `Settings`, `Apps`, dzina la pulogalamu, `Battery` kapena `App battery usage`. Pali `Unrestricted`, `Optimized` ndi `Restricted`. Sankhani `Restricted` kwa imene mukufuna kuigoneka. Mukadali pamenepo, yang'ananinso amene ali pa `Unrestricted`, chifukwa mapulogalamu ena amapempha ufulu umenewu tsiku lowaika, munthu n'kuvomera osawerenga.

Palinso batani la `Force stop` pa tsamba la pulogalamu iliyonse. Limachita zambiri kuposa mmene limaonekera: pulogalamu yoimitsidwa nalo silandira chidziwitso cha kuyaka kwa foni mpaka mutaitsegulanso nokha. Ndi lothandiza pa pulogalamu imene mumaitsegula kamodzi pa mwezi, koma mukangoitsegula, chiletsocho chatha, ndipo muyenera kulidinanso mukamaliza.

Zinthu ziwiri zokopa zimene ndi bwino kuzipewa

Mu `Developer options` momwemo muli `Background process limit`, imene imalola kusankha kuti kumbuyo kuzikhala mapulogalamu osapitirira 1, 2, 3 kapena 4, kapenanso pasakhale ngakhale imodzi. Dzina lake limamveka ngati ndiye yankho, koma imachepetsa mapulogalamu osungidwa ali mtulo, amene sadya pulosesa ndipo ndi amene amachititsa kuti mukabwerera pa pulogalamu mupeze pamene munasiyira. Mukawachepetsa kwambiri, pulogalamu iliyonse imayambira pachiyambi nthawi zonse, ndipo kuyamba kotereku kumatenga nthawi ndi batire lambiri kuposa kudzutsa yogona. Pa foni ya RAM ya 2 GB mukhoza kuyesa 4 n'kuona ngati pali kusintha. Pa mafoni ambiri imabwerera yokha ku `Standard limit` mukazimitsa foni. Koma `Don't keep activities`, imene ili pafupi nayo, musaiyatse. Imawononga tsamba lililonse mukangochokapo, moti mukatuluka pa fomu kukatenga nambala imene yabwera pa uthenga, mukhoza kupeza zonse zimene munalemba zafufutika.

Chachiwiri ndi mapulogalamu olonjeza kuyeretsa RAM ndi kufulumizitsa foni. Ntchito yawo ndi kutseka mapulogalamu ogona aja, amene Android imawatseka yokha ikafuna malo. Odziyambitsa okha amadzukanso pompo, ndipo choyeretseracho nachonso chimakhala maso tsiku lonse, nthawi zambiri chikukoka zotsatsa malonda. Mukachipeza pa `Running services`, chikhale choyamba kuchotsedwa. Pa chifukwa chomwecho, chizolowezi chosesa mapulogalamu onse pa mndandanda wa amene mwatsegula posachedwa sichifulumizitsa foni.

Tsopano maanimeshoni

Bwererani mu `Developer options` n'kutsika mpaka pa gawo la `Drawing`. Pali mizere itatu yotsatizana, ndipo yonse imabwera ili pa `1x`. `Window animation scale` imalamulira timabokosi totulukira pamwamba pa zimene mukuona, monga tofunsa ngati mukuvomera. `Transition animation scale` ndi ya kusamuka kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. `Animator duration scale` ndi ya kayendedwe ka zinthu mkati mwa mapulogalamu ndi mu Android momwemo: mindandanda yotsika, mabatani, kachingerengere kozungulira kosonyeza kuti mudikire.

Nambalayo imachulukitsa nthawi. `.5x` imadula nthawi ya animeshoni pakati, `2x` imaiwirikiza kawiri, ndipo `Animation off` imaichotseratu. Samalani posankha, chifukwa `.5x` ndi `5x` zimasiyana ndi kadontho kokha, ndipo `5x` imachititsa foni kuyenda ngati kamba. Foni ikachedwa modabwitsa mutangosintha, cholakwika chili pamenepo.

Ikani yonse itatu pa `.5x`. Imeneyi ndiyo nambala imene timalangiza kwa anthu ambiri, chifukwa diso limaonabe kumene tsamba lachokera ndi kumene lapita, koma kudikira kwachepa ndi theka. Foni ikakhala yofooka kwambiri moti ngakhale animeshoni yaifupi imadukiza, zimitsani iwiri yoyambayo, koma wachitatu muusiye pa `.5x`. Mzere wachitatu ukazimitsidwa, m'mapulogalamu ena kachingerengere kodikirira kamaima chilili, mizere yosonyeza pamene ntchito yafika imadumpha, ndipo mumaganiza kuti pulogalamu yauma pomwe ikugwira ntchito. Kusinthaku kumayamba nthawi yomweyo, osafunika kuzimitsa foni.

Dziwani malire ake. Animeshoni ina inaikidwa kuti iphimbe nthawi imene pulogalamu ikudzikonza. Mukaichotsa, pulogalamu yotenga masekondi atatu kutseguka idzatengabe pafupifupi atatu omwewo, kungoti mudzaona sikirini yoyera kapena chizindikiro chake m'malo mwa kayendedwe. Masewera ndi mavidiyo sasintha, chifukwa amajambula zithunzi zawo mwa njira yawoyawo.

Mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka `Developer options` ikakhala yoyatsa. Mukaizimitsa ndi batani la pamwamba pake, mafoni ena amasunga `.5x` ija, ena amabwezera zonse pa `1x`, ndiye yesani muone. Yanu ikakhala yobwezera, njira ina ili mu `Accessibility`: fufuzani `Remove animations`, imene pa mafoni ambiri ili pansi pa `Color and motion`, ndipo pa Samsung pansi pa `Visibility enhancements` kapena `Vision enhancements`. Imeneyi ilibe theka, ndi yoyatsa kapena kuzimitsa basi. Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi `adb`, chida chotumizira malamulo ku foni, ndipo ayatsa `USB debugging` mu `Developer options`, akhoza kuika manambalawa mwachindunji:

```
adb shell settings put global window_animation_scale 0.5
adb shell settings put global transition_animation_scale 0.5
adb shell settings put global animator_duration_scale 0.5
```

Mukamaliza, zimitsaninso `USB debugging`. Chinanso chochedwetsa foni ndi chithunzi choyenda cha kumbuyo kwa sikirini ndi timabokosi ta nyengo kapena nkhani ta pa tsamba loyamba. Zimenezi ndi mapulogalamu amene amayamba foni ikayaka ndipo sagona. Ikani chithunzi wamba, n'kusiya timabokosi timene mumatiwerengadi.

Pa iPhone nkhani ndi yaifupi. Ilibe mndandanda wa odziyambitsa okha. Chimene mungachepetse ndi `Background App Refresh` mu `Settings`, `General`, ndipo maanimeshoni mumachepetsa ndi `Reduce Motion` mu `Accessibility`, `Motion`.

Chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyerekeze foni ya RAM ya 3 GB ndi malo osungira a 32 GB, yokhala ndi mapulogalamu 45 oika mwini wake. Kiyibodi imachedwa, ndipo tsamba la pa intaneti limayambiranso akangochokapo. Patatha mphindi zisanu chiyakireni, `Running services` ikuonetsa `Free` pafupifupi 350 MB, ndi mapulogalamu 11 oika yekha ali maso: awiri a mauthenga, imelo, alamu, masewera awiri, yoyeretsa RAM, yosamutsira mafayilo, yogulira katundu, ya nkhani, ndi chithunzi choyenda cha kumbuyo.

Anayi oyambawo atsale. Yoyeretsa RAM ichotsedwe, pamodzi ndi imodzi ya masewera imene papita miyezi osaitsegula. Chithunzi choyenda chilowedwe m'malo ndi chithunzi wamba. Anayi otsalawo, masewera enawo, yosamutsira mafayilo, yogulira katundu ndi ya nkhani, azimitsidwe pa mndandanda wa odziyambitsa n'kuikidwa pa `Restricted`. Ngati asanu ndi awiriwo amatenga pafupifupi 70 MB iliyonse, ndiye kuti pafupifupi 500 MB yamasuka. Zimitsani foni, yatsani, dikirani mphindi zisanu zomwezo, n'kuyang'ananso. Muyembekezere kuona mayina anayi okha ndi `Free` itakwera kufika cha pa 850 MB. Dzina limene mwaliletsa likaonekabe, kawirikawiri ndiye kuti pulogalamu ina ikulidzutsa, kapena lili ndi chilolezo chapadera mu `Accessibility` kapena `Notification access`, chotsani chilolezocho.

Kenako yesani ndi ntchito yeniyeni. Tsegulani tsamba la pa intaneti, pitani ku mauthenga, tsegulani kamera, bwererani ku tsamba lija. Likapezeka pamene munalisiya, RAM yayamba kukwanira. Pamenepo ndiye ikani maanimeshoni pa `.5x`. Pomaliza, tcherani alamu ya mphindi khumi kutsogolo, zimitsani foni n'kuiyatsa osatsegula pulogalamu ya alamuyo, ndipo pemphani wina akutumizireni uthenga sikirini ili yozima. Alamu ikalira ndipo uthenga ukafika pa nthawi yake, simunaletse cholakwika. Uthenga ukamafika pokhapokha mutatsegula pulogalamu, ibwezereni pa `Optimized` ndi kuiyatsanso pa mndandanda wa odziyambitsa.

Ikachedwabe

Yang'anani malo osungira mu `Settings`, `Storage`. Akatsala pang'ono kudzaza, kulemba ndi kuwerenga mafayilo kumachedwa, ndipo kuletsa mapulogalamu sikungathandize. Pa 32 GB siyani osachepera 3 kapena 4 GB opanda kanthu. Onaninso ngati njira yosungira batire ndi yoyatsa, chifukwa imachepetsa dala liwiro la pulosesa. Pa Samsung mzere wake umanena poyera kuti `Limit CPU speed to 70%`. Foni ikamachedwa pokhapokha ikatentha, monga poigwiritsa ntchito ili pa chaja, ndi pulosesa imene ikudzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo imabwerera ikazizira.

Muyeso wotsiriza ndi `Safe mode`, imene imayatsa foni popanda pulogalamu iliyonse yoika nokha. Pa mafoni ambiri mumagwira batani loyatsira mpaka zosankha zitatuluka, kenako n'kugwiritsitsa chala pa `Power off` mpaka itafunsa. Foni ikathamanga m'menemo, wolakwa akadali pakati pa mapulogalamu anu: ituluke mwa kuizimitsa n'kuiyatsa, kenako chotsani amene munaika chaposachedwa, imodzi imodzi, mukuyesa pakati pake. Ikachedwa chimodzimodzi ngakhale mu `Safe mode`, vuto lili mu Android yeniyeniyo kapena m'zipangizo za mkati, ndipo chotsatira ndi kusunga mafayilo anu kwina n'kuchita `Factory data reset`, imene imafufuta zonse za m'foni.